Nambala ya Eni Nyumba Akale

Amayi Olipa Nyirenda anatsegula nyumba yawo ya lendi kachitatu tsiku limenelo, miyendo ikuwawa. Wodzaiona anali bambo Darius, wogula fodya ku Chikomeni, amene ankafuna pokhala pa boma.

"Mudzakhala angati muno?" anafunsa amayiwo.

"Ine ndi akazi anga chabe."

"Nanga kumene mukukhala mukuchokako chifukwa chiyani?"

"Eni nyumba ndi ovuta."

"Ndipatseni nambala yawo ndiwaimbile."

Bambo Darius anaseka. "Amama, inenso ndine Nyirenda. Pachibale mpaka kufunsana ngati kupolisi?"

Amayi Olipa anayang'ana khoma limene penti inalephela kubisa mwaye wa mbaula. Amene anachoka muno nayenso ananena kuti ali awili, koma anadzaza nyumba ndi anthu asanu ndi anayi. Nthawi imeneyo amayiwo anachita manyazi kumufunsitsa chifukwa anali wakwawo ku Magodi.

"Amene anadetsa khomali analinso m'bale wanga. Nambala, adada."

Bambo Darius anatulutsa foni, naigwedeza. "Yatha moto."

Amayi Olipa anausa moyo, nayamba kutseka mawindo. Asanafike pachitseko, foni ija inalila m'manja mwa mwini wake.