Masamu a pa Thabwa

Makina athu opalira matabwa atafa, ntchito inaima sabata zitatu. Atsopano anali pa 1,200,000, ndipo ndalama zimenezo tinalibe. Shopuyi tinali nayo awiri: ine, amene ndinatenga gawo la malemu mwamuna wanga, ndi mng'ono wake, mlamu wanga, yemwe ndi kalipentala. Iye amapanga mipando, ine ndimalandira makasitomala ndi kugula zipangizo. Pepala lililonse la ngongole limafuna tisaine tonse, ndipo chikole chake chinali macheka amagetsi ndi makina obowolera, zimene mwamuna wanga anasiya.

Ine ndinabwera ndi pepala la ku banki. Mawa lake masana, mlamu analowa ndi bambo wina wovala tayi, wa ku kampani yobwereketsa ndalama. Bamboyo anapukuta utuchi pa benchi ndi kansalu asanakhalepo.

"Alamu, cholembera ichi," anatero mlamu. "Sainani apa, abwanawa ali ndi kwina kopita."

"Ndisaine ndisanawerenge?"

"Ndawerenga kale ine. Banki yanuyo ikufuna 3 peresenti pa mwezi, awa 2. Kubanki mwezi woyamba tipereka 136,000, kwa awa 76,000. Kodi ziwiri ndi zitatu chachikulu n'chiti? Kapena tiitane mphunzitsi?"

Wa tayi anaseka, n'kunena kuti amayi ambiri amaopa mapepala, koma palibe choopsa. Ndinatenga pensulo yomwe inali patebulo ndi thabwa lina lotsala, ndi kuyala mapepala awiri aja pambali pake.

"Bambo, 76,000 imeneyi tipereka miyezi ingati?"

"Miyezi 24, mayi. Mopepuka, mosapanikizika."

"Nanga 2 peresentiyo mumaiwerengera pa ndalama zimene zatsala, kapena pa zonse zimene tinatenga?"

Anakonza tayi. "Pa ngongole yonse. Ndi mmene timachitira."

"Ndiye kuti ngakhale mwezi womaliza, titabweza pafupifupi zonse, mudzatilipiritsabe 24,000 ngati kuti sitinabweze kalikonse?"

"Zimathandiza kuti malipiro asamasinthesinthe."

Ndinalemba pa thabwa: 24,000 kuchulukitsa ka 24, zinakwana 576,000. M'munsi mwa pepala lawo munali timalemba ting'onoting'ono tonena za inshuwalansi ya 2,000 mwezi uliwonse, yomwe inali kale mkati mwa 76,000 ija. Pa zaka ziwiri, imeneyo ndi 48,000. Panalinso 5 peresenti yoyendetsera mapepala.

"Nanga 60,000 ya mapepalayi timapereka liti?"

"Simupereka, mayi. Timangodula potumiza ndalamazo."

"Ndiye m'manja mwathu mufika 1,140,000, pamene makina ali pa 1,200,000. Alamu, wogulitsa makina uja mwamuuza kuti atichotsere?"

Mlamu anayang'ana wa tayi. Zinaonekeratu kuti zimenezi sanauzidwe, koma mkwiyo wake anautembenuzira kwa ine.

"Inu alamu, mwayamba liti kudziwa za ndalama? Akulu anga akuyamba shopu ino munali kuti? Simudziwa ngakhale kugwira hamala."

"Hamala sindiidziwa. Koma kuwonkhetsa ndimatha, ndipo simundiletsa."

Ndinawonkhetsa zitatu zija: 576,000, 48,000 ndi 60,000. Zinakwana 684,000. Ndinajambula mzere pakati pa thabwa ndi kuyamba za ku banki. Kumeneko tinkayenera kubweza 100,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12, kuphatikiza 3 peresenti ya ngongole yotsala. Mwezi woyamba chiwongoladzanja chinali 36,000, wachiwiri 33,000, kumatsika ndi 3,000 mpaka mwezi womaliza, pamene chinali 3,000 yokha. Manambala khumi ndi awiriwo ndinawalemba motsetsereka mpaka thabwa linatsala pang'ono kutha. Onse pamodzi anakwana 234,000. Ndinawonjezera 30,000 yolembetsera, yolipira pamanja tsiku losaina, imene ndikanaitulutsa ine. Zinakwana 264,000.

"Awa 684,000, banki 264,000," ndinatero. "Kusiyana kwake ndi 420,000. Ndiye ziwiri zanu zija, alamu."

"Mayi, mukuyerekeza zaka ziwiri ndi chaka chimodzi," anatero wa tayi. "Ife tikukupatsani nthawi."

"Chabwino. Titapeza ndalama n'kumaliza m'chaka chimodzi, mungatichotsere chiwongoladzanja cha chaka chachiwiri?"

"Pangano ndi pangano, mayi. Chimalipiridwa chonse."

"Ndiye nthawiyo mukutigulitsa, tiifune tisaifune."

Bamboyo anayamba kutolera mapepala ake. Anauza mlamu kuti amuimbire akagwirizana ndi akunyumba. Mlamu anamuyankha mokalipa kuti ine si mkazi wake, ndipo sakanandikwatira ngakhale atamulipira. Wa tayi anatuluka akudzisasa utuchi.

Titatsala awiri, mlamu anakankha thabwa lija ndi phazi.

"Mwandiyalutsa pamaso pa mlendo."

"Mwadziyalutsa nokha. Mumafuna kuika macheka a akulu anu pa chikole zaka ziwiri, pepala musanaliwerenge mpaka pansi."

"Musamatchule akulu anga ngati munabadwa nawo ndinu. Popeza mwasanduka katswiri wa masamu, werengerani izi. Shopu ino ikayenda bwino imatisiyira 200,000 pa mwezi. Chotsanipo 136,000. Tigawana zingati?"

"Aliyense 32,000."

"Nyumba imene ndikukhala ndi 40,000. Inu mukugona m'nyumba imene anakusiyirani, simudziwa kugogoda kwa landilodi. Ana anga adya thabwa lanulo?"

Apa sananame. Pa ngongole ya wa tayi aliyense akanatenga 62,000. Ya ku banki inali yotsika mtengo pomaliza, koma inali yolemera poyamba, ndipo kulemerako kukanagwera iye kwambiri kuposa ine.

"Bwanji simunanene zimenezi poyamba, mmalo mondibweretsera munthu ndi cholembera?"

"Ndizipempha kwa inu? Ine?"

Ndinatola thabwa lija ndi kulitembenuza. Ndinamuuza kuti atenge 62,000 yake mwezi uliwonse, monga akanatengera kwa wa tayi, ine nditenge zotsala. Mwezi woyamba zikanakhala 2,000, wachiwiri 5,000, kumakwera pang'onopang'ono. Ndikanadalira malipiro a mwana wanga wamkulu. Koma ndinati zimene ndidzaluze chaka chimenecho zilembedwe, ndipo pa makina atsopanowo gawo langa likhale lalikulu molingana nazo.

"Ndinadziwa," anatero. "Mukufuna kundidyera shopu pang'onopang'ono."

"Ndikufuna macheka asatuluke pakhomo pano, ndiponso 420,000 isapite kwa munthu wopukuta benchi. Ngati muli ndi njira ina, pensulo iyi."

Sanailandire. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana manambala aja, milomo ikuyenda, akuwonkhetsa yekha kuti apeze pamene ndalakwitsa. Anabwereza kawiri. Kenaka anakoka pepala la ku banki, nasaina mokanikiza mpaka cholembera chinaboola.

"Miyezi 12," anatero. "Ikatha, tigawana zipangizo. Aliyense ayendere yake."

"Zikhalepo zoti tigawane, basi."

"Ndipo kubankiko mupite nokha. Ine sindiyenda nanu pamsewu."

"Akufuna tonse, ndi ziphaso zathu. Mawa 8 koloko."

Anavula epuloni ndi kuiponya pa benchi.

"Mukandipeza komweko," anatero, natuluka.