Nthambo Yachitatu ya Chigayo Changa

Ine Nason Zgambo ndagwirapo ntchito ku Joni, ku Ndola ndi ku Mbeya, ndipo konseko ndinapita ndi miyendo yanga, popanda wondigwira dzanja. Nditabwerera kwathu ku Champhira ndinamanga chigayo chamagetsi chimene ufa wake amayi amautama mpaka ku Jenda. Ndiye munthu ngati ine, wina andiuze kuti ndili ndi magetsi pamene ndilibe?

Magetsi anazima pa 3 Juni, chimanga chili mbwee m'midzi. Ndinaimba foni ku ofesi ya magetsi, anandipatsa nambala ya dandaulo. Pa 6 amisiri anabwera, anakwera pa thiransifoma, mababu a m'magolosale anayaka, anthu anaomba m'manja, galimoto inapita. Koma Chester, amene amandigayitsira, atayatsa mota inangong'ung'udza osazungulira. Chigayo chimafuna nthambo zitatu zamoto. Ndinayeza ndekha: ziwiri zinali ndi moto, yachitatu zii.

Ndinaimbanso kawiri. Yankho linali limodzi: "Vuto la kwanuko tinalikonza kale, bwana." Uku amayi akudutsa pakhomo panga ndi matumba pamutu, kupita ku chigayo cha dizilo.

"Adada, ndapota," anatero Chester, "pali munthu ku Jenda amakwera pholo n'kulumikiza moto mwamseri. Mphindi khumi mbwenu chigayo chalira. Apo ayi ine ndikafuna ganyu kwina."

"Ndiye akapsa pamwambapo, maliro agonera kwa iwe? Ine sindiba chinthu changa chomwe. Bweretsa pepala."

Kalata ndinaphunzira kulemba kwa kapitawo wa ku Ndola, ndipo m'chigawo chino palibe angandipose. Pamwamba keyala yanga, tsiku, ndi nambala ya mita. Kenako:

"Kwa Mkulu wa Ofesi ya Magetsi, Mzimba.

DANDAULO: NTHAMBO IMODZI ILIBE MOTO PA CHIGAYO CHA ZGAMBO, CHAMPHIRA

Magetsi anazima pa 3 Juni ndipo ndinakudziwitsani tsiku lomwelo, dandaulo nambala 4417. Amisiri anu anabwera pa 6 Juni, koma anabwezeretsa moto pa nthambo ziwiri zokha. Ndinaimbanso pa 7 ndi pa 10 Juni, ndipo ndinauzidwa kuti dandaulo linatsekedwa. Chigayo changa sichinagaye kuyambira pa 3 Juni.

Ndikupempha kuti mutsegulenso dandauloli, mubwezeretse moto pa nthambo yachitatu pasanathe masiku asanu, amisiri ayeze nthambo zonse zitatu pa mita yanga ine ndilipo, ndiponso mundiyankhe polemba. Zikapanda kutero, nditumiza kalatayi ku bungwe loyang'anira makampani a magetsi.

Ine wanu, N. Zgambo."

Mawa lake ndinavala jekete ya ku Joni n'kukwera basi ya ku boma, makalata awiri ofanana ali m'thumba. Pa kauntala panali mayi wina wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe, dzina lake Pamela lili pa chifuwa. Anayang'ana pa kompyuta.

"Bambo, apa akuti Champhira kukuyaka."

"Mababu akuyaka, amama. Kodi babu limagaya chimanga?"

Anthu a pamzere anaseka. Iye sanaseke. "Siyani kalatayo mu thireyi, aiona."

"Thireyi ndimaidziwa, ndaiona m'maiko anayi. Dindani chidindo pa iyi, mulembe tsiku, musayine. Imeneyi ndibwerera nayo."

"Chidindo chili kwa abwana, ndipo ali pa msonkhano."

"Yewo chomene. Ndiwadikira."

Ndinakhala pa benchi, kalata pa bondo. Aliyense wolowa ndinkamuwerengera mokweza, madeti onse, mpaka agogo ena anayamba kunditsatiza pa "nthambo ziwiri zokha". Patatha maola awiri chitseko chinatseguka. Anatuluka bambo wamfupi, a Gondwe, oyang'anira amisiri.

"Achimwene, phokosoli n'lachiyani?"

"Si phokoso, bwana, ndi kalata. Werengani."

Anawerenga ataima. Anabwerezanso ndime yoyamba. "Munayeza nokha?"

"Ndi manja awa. Anayezapo mamota a mgodi."

"Anyamatawo sanafike pa chigayo?"

"Anafunsa wa golosale ngati firiji yayamba. Atamva kuti eya, anapita."

A Gondwe anapumira m'mwamba, anatenga chidindo, anadinda pa kalata yanga n'kulemba 11 Juni. "Lachinayi tibwera."

"Lachinayi ndidzakhala nditaima pa mita."

Anabweradi Lachinayi masana. Anapeza fyuzi yopsa pa thiransifoma, anaika ina, n'kuyamba kupinda makwerero.

"Ayi, akuluakulu," ndinatero, nditaima kutsogolo kwa galimoto. "Ndime yachiwiri ya kalata: muyeze pa mita yanga."

Mmisiri wamkulu anang'ung'udza, koma anatsika. Anayeza nthambo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ine ndikuwerenga naye. Ndinakodola Chester. Mota inakuwa, malamba anathamanga, fumbi la ufa linatuluka pa zenera.

"Chester! Thamangira kumsewu, uwabweze amayi awo ndi matumba awo. Uwauze kuti Zgambo wayamba!"