Mndandanda wa Lachinayi

Lachinayi lililonse galimoto ya chipatala chachikulu imabwera kwathu mmawa kudzatenga ana onyentchera kwambiri. Dalaivala wake sazimitsa injini. Amandilandira pepala pawindo, napita kukatola anawo m'makomo mwawo, chifukwa masana amafunikanso kwina. Pepalalo ndimasindikiza ndine, kalaliki wa pa kiliniki, kuchokera mu sipuredishiti, tebulo la pa kompyuta limene azaumoyo amalembamo miyezo ya ana.

Lachinayi limenelo pepala linatuluka lopanda dzina, kachitatu motsatizana. Ndinali ndisanaimirire pomwe Mayi a Chipewa analowa osagogoda. Ndi azaumoyo akalekale, ndipo chipewa chawo cha dzuwa sachivula ngakhale m'nyumba.

“Achimwene, mwana wanga uja ali kuti?”

“Mwana uti, amayi?”

“Wa kuseri kwa matanki a madzi. Ndinamulemba ndi manja angawa sabata ziwiri zapitazo. Mayi ake akungosuzumira kumsewu. Dzulo ndapeza mapazi atupa ngati mabanzi, ukadina chala dzenje osabwerera.”

Ndinawaonetsa pepala loyera lija. Ndinayankhulanso mwamatama, Mulungu andikhululukire, kuti kompyuta siinama.

“Ndiye kuti wonama ndine,” anatero, nakhala pampando wa odwala. “Sindichoka.”

Apa ndiulule. Sipuredishitiyo anatipangira mkulu wina amene anasiya ntchito chaka chatha, ndipo mitu yake yonse inali m'Chingerezi. Azaumoyo ankasokoneza makolamu, kulemera kwa mwana n'kukulemba pa msinkhu. Ine ndinadzipereka kumasulira mituyo m'chiyankhulo chathu. Sindinachite mwachisawawa ayi. Sindinasunthe kolamu ngakhale imodzi. Nditasintha mayina a masamba ndinaona kuti mafomula, malamulo owerengetsera a m'timabokosi, atsatira okha, ndipo panalibe kabokosi kodandaula. Azaumoyo anandiombera m'manja, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba sabata yonse.

Panja hutala ya galimoto ija inalira. Sisita, mkulu wa kiliniki yathu, anasuzumira pakhomo atavala magolovesi.

“Pepala lija bwanji?”

“Akuti kulibe ana,” anayankha Mayi a Chipewa, maso ali pa ine.

Sisita anavula golovesi imodzi pang'onopang'ono. “Sabata zitatu popanda mwana ndi mmodzi yemwe? Mwezi wa njala uno? Ndinasangalala nazo, koma mtima sunakhazikike. Tatsegulani tione.”

Ndinatsegula tsamba la miyezo. Mwanayo analipo, mzere wa 214, zonse zolembedwa bwinobwino. Pamwamba pake ndinaona mwana wina amene mkono wake, poyeza kuzungulira, unali masentimita 11.1. Aliyense wosafika 11.5 amayenera kukwera galimoto.

Kumapeto kwa tsambalo kuli kolamu yopapatiza imene imaika chizindikiro pa mwana woti atengedwe, ndipo mndandanda wa Lachinayi umatola mayina kuchokera pamenepo. Inali mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinadina kabokosi kamodzi n'kuwerenga fomula yake, chinthu chimene pomasulira paja sindinachite. Nthawi imeneyo ndinangoona kuti palibe kabokosi kodandaula, basi.

Fomulayo sinkaloza kolamu ya mkono ndi chilembo chake. Inkayenda pamzere wa mitu kufunafuna mawu akuti “Arm”, ndipo ikawapeza m'pamene inkawerenga nambala ya pansi pake. Ine mawuwo ndinawafufuta n'kulembapo “Mkono”. Pulogalamu imakonza yokha maadiresi a timabokosi, koma mawu otsekeredwa m'zizindikiro zogwira mawu siwakhudza. Choipitsitsa, mkulu wosiya ntchito uja anakutira zonsezo ndi IFERROR, lamulo louza fomula kuti ikalephera ingosiya kabokosi kopanda kanthu. Inakhala ikulephera mwakachetechete kwa masiku makumi awiri.

Dalaivala anafika pawindo. “Akalaliki, ine mphindi zisanu ndanyamuka. Kulibe ana, kulibe ana, musandigoneke pano.”

“Dikirani pang'ono, bambo.”

“Pang'ono panu ndimapadziwa.”

Ndinalowa mu fomula ya pamwamba, n'kuchotsa “Arm” kuikamo “Mkono”, kenako ndinaikokera pansi mpaka mzere womaliza. Zizindikiro zinabuka. Pa mndandanda panatuluka mayina asanu.

Sisita anapumira m'mwamba. Sananditukwane, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Mayi a Chipewa anaweramira pa sikirini, akutsata ndi chala. “Wanga palibe.”

“Amayi, fomula ndakonza.”

“Mwakonza zanuzo. Wanga palibe.”

Ndinabwerera ku mzere wa 214. Mkono wake unali 11.9, pamwamba pa malire. Mtima unafuna kunena kuti mwina mwanayo sali pangozi, ndipo pakamwa panatsala pang'ono kutsatira. Sisita anandidula.

“Wotupa mapazi onse awiri amapita, mkono ukhale bwanji. Kolamu ya kutupa ikuti chiyani?”

Inkati “Inde”. Pomasulira paja ndinasinthanso timawu tosankha ta m'kolamuyi, kuti azaumoyo asamavutike ndi “Yes” ndi “No”. Ndinabwerera mu fomula ija, ndipo kumchira kwake ndinapeza ikufunsabe ngati kabokosi ka kutupa kali ndi “Yes”. Mwana aliyense wolembedwa “Inde” inkamuyesa wabwinobwino.

Panja injini inasintha kaliridwe. Mayi a Chipewa anatuluka liwiro limene sindinkadziwa kuti ali nalo, ndipo pawindo ndinawaona ataima pakati pa geti, manja m'chiuno, galimoto itawaloza.

Ndinafuna kungosintha “Yes” kukhala “Inde”, koma ndinakumbukira kuti mizere yakale, ya ndisanamasulire, idakali ndi mawu a Chingerezi. Ndikanapulumutsa ena n'kutaya ena. Ndinalemba kuti fomula ivomere onse awiri. Ndinaiwala kutseka bulaketi, kompyuta n'kundikanira. Hutala inalira kawiri, yaitali. Ndinapukuta thukuta m'maso, ndinawerenga mabulaketi mmodzimmodzi ngati mwana wa sukulu, ndinatseka, n'kukokeranso pansi.

Mayina anakhala asanu ndi atatu. Wa kuseri kwa matanki anali wachiwiri.

Pulinta yathu imayamba yaganiza kaye isanagwire ntchito. Pepala litatuluka, Sisita analigwira ine ndisanalitenge.

“Mukwera nawo,” anatero. “Mukawathandize kunyamula ana. Mukabwerako mudzakhala pansi ndi ine, tidzatsegule fomula iliyonse mu sipuredishiti imeneyi, ndipo lipoti lake mudzalemba ndinu.”

Dalaivala anang'ung'udza njira yonse, koma anayendetsa mofulumira. Kuseri kwa matanki tinaima pa kanyumba ka chitseko cha malata. Mayi wa mwana uja anatuluka mwanayo ali kumsana, kachikwama ka zovala kali kale m'manja. Anati anakalongedza tsiku lomwe mwanayo analembedwa, ndipo Lachinayi lililonse ankakhala nako pakhomo.

Ndinamulandira mwanayo kuti mayi akwere. Sanalire, sanandiyang'ane n'komwe. Khungu la m'mapazi linali litayamba kusupuka.

Mayiyo atakhala pampando anafunsa Mayi a Chipewa kuti bambo awa ndi ndani.

“Ndi akalaliki athu. Ndi amene amalemba mndandanda.”

Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. “Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni. Anthu amati kuchipatala amaiwala anthu osauka, koma inu mwatikumbukira.”

Mayi a Chipewa anayang'ana kunja pawindo. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinamubwezera mwana wake mosamala, dalaivala n'kufunsa dzina lotsatira.