Malo a Zilembo 160

A Alufeyo, mphunzitsi wamkulu wa kasukulu kena kuseri kwa Thuchila, anali ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale mbuzi za pabwalo zinkalidziwa: mphunzitsi sachoka pasukulu iwo asanavomere. Sabata imeneyo anali ku maphunziro ku Zomba. Foni sankayankha, uthenga wokha ndiwo ankawerenga pa nthawi ya tiyi. Achiwiri awo anali munthu wabwino koma wamantha, ukawapempha chilichonse ankangoti, "Ine zimenezo ayi, funsani eni ake."

Lolemba m'mawa, chiperoni chitaphimba phiri lonse, Marcia, mphunzitsi wa Sitandade 4, analandira mawu ochokera ku chipatala cha Mishoni. A Lurdes, amene anamulera, anali atagonekedwa, ndipo opaleshoni inali mawa lake. Pankafunika gadiyani wowaphikira, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Kupatula Marcia, a Lurdes analibe wina pa dziko lino.

Marcia anali asanakwanitse chaka pa ntchito, ndiye kuchoka mwakachetechete kukanakhala kudziponda yekha. Anakhala mu sitafurumu nalemba kalata yopempha tchuthi, tsamba lathunthu, m'Chingerezi cha kukoleji chija chimayamba ndi kudzichepetsa n'kutha ndi kudzichepetsanso. Anafotokoza zonse: kuti anabadwira kutsidya kwa malire, ku Milanje, kuti nkhondo itafika pamudzi mayi ake anasowa m'chipwirikiti, kuti mayi wina woyandikana nawo nyumba anamutola ali wa zaka zitatu n'kumubereka mpaka kuno.

A Janeti a Sitandade 3, amene anakalambira pa choko, anaiwerenga kalatayo magalasi ali pamphuno.

"Yakoma. Isiye pa tebulo lawo, adzaiika m'faelo akadzabwera," anatero. "Koma lero yakuthandiza chiyani? Ikufika ku Zomba ndi mapiko? Tenga foni."

"Ndingoikopera yonse?"

"Iwe, sunamve za a Pilato?"

Nkhani ya a Pilato inali yodziwika. Foni ya a Alufeyo inali yakalekale, ndipo uthenga ukapitirira zilembo 160 unkafika m'zidutswa. A Pilato, mphunzitsi mnzawo, atafuna kupita ku maliro anatumiza uthenga wa zidutswa zitatu. Choyamba, chodzaza ndi malonje ndi kufunsa za kunyumba, chinafika bwinobwino, a Hedi n'kuyankha kuti, "Tili bwino, kaya inu." Chidutswa chonena za malirowo chinafika anthu atabwerako kale kumanda.

Marcia anayamba kulemba m'Chichewa. Pakona pa galasi la foni panali kanambala kotsika ndi chilembo chilichonse, ndipo kanalibe chisoni: mpata pakati pa mawu kankawerenga, kadontho kankawerenganso. Asanamalize n'komwe kupepesa chifukwa chowasokoneza a Hedi, pambali pake panatulukira 2, kusonyeza kuti walowa uthenga wachiwiri.

"Fufuta," anatero a Janeti. "Munthu uja akufuna zinthu zochepa. Ndiwe yani, popeza nambala yako alibe. Ukupempha chiyani. Kuchoka liti, kubwera liti. Chifukwa chake. Ana ukusiyira yani. Ana ndigwira ine, lemba zimenezo."

Kupepesa kunapita. "Modzichepetsa" anapita. "Kuyambira Lolemba pa 16 mpaka Lachisanu pa 20" anasanduka "16-20 Juni". Marcia anafuna kudula mawu ena pakati monga amachitira achinyamata, koma a Janeti anakaniza. Anati a Hedi akakumana ndi mawu oduladula amayesa foni yawonongeka, komanso uthengawo ukhoza kukaonetsedwa kwa akuluakulu a maphunziro.

Zonse zinalowa, kupatula malo amodzi. Nkhondo ndi ulendo wa pamsana uja anali atazipanikiza mpaka kutsala "A Lurdes amene anandilera", koma uthenga unali utapitirirabe ndi zilembo khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ndichotse Zikomo," anatero Marcia.

"Uchotse chiyani? Ukupempha kapena ukulamula? Ndipo ngakhale utamuchotsa sizikwanabe."

"Ndingoti A Lurdes basi."

"A Lurdes ndi ndani kwa a Hedi? Wogulitsa nanazi pa Chinakanaka?"

"Azakhali anga."

"Ndi azakhali ako?"

"Ayi."

"Nanga uwanamiziranji? Komanso a Hedi amati azakhali a aphunzitsi satha, chaka chilichonse amadwala atsopano." A Janeti anavula magalasi. "Mwanawe, mawu okwana pamenepo ukuwadziwa. Wakhala ukuwazungulira ngati nkhuku yoopa kulowa m'khola."

Ankawadziwadi. Kuyambira ali mwana, Marcia sanawaitanepo a Lurdes kuti mayi. Ankati "a Lurdes", monga ankanenera anthu onse. Poyamba a Lurdes eni ake ndiwo ankamukumbutsa kuti mayi ake alipo, adzabwera nkhondo ikatha. Nkhondo inatha, anthu anabwerera kwawo, ena anapita kukafunsa m'midzi, koma palibe anabwera ndi nkhani. Marcia anasungabe dzina lija monga anthu amasungira mbale ya mlendo, ndipo a Lurdes, amene anathyola tiyi mpaka zala kupindika kuti iye aphunzire, sanalipemphe ngakhale tsiku limodzi. Tsopano Marcia anachita mantha, ngati kuti akalemba mawuwo ndiye kuti waika m'manda munthu amene nkhope yake sankaikumbukira n'komwe. Anachitanso manyazi, pozindikira kuti kalata yake ya tsamba lathunthu ija inali njira yaitali yozembera mawu awiri.

Belu la buleki linali pafupi, ndipo ku Zomba makapu a tiyi anali atayamba kugawidwa. Anafufuta, nalemba. Kanambala kaja kanaima pa 0, pambali pake pali 1.

"A Hedi, ndine Marcia wa Std 4. Ndikupempha tchuthi 16-20 Juni. Mayi anga agonekedwa ku Mishoni, opaleshoni mawa, gadiyani ndine. Kalasi agwira a Janeti. Zikomo."

"Muli bodza m'menemo?" anafunsa a Janeti.

Marcia anauwerenganso. "Mulibe."

"Tumiza."

Anatuluka kukaima pachulu cha kuseri kwa ofesi, pomwe netiweki inkagwira, nautumiza. Yankho silinachedwe: "Pitani. Muwapatse moni mayi."

Anafika ku Mishoni dzuwa litapendeka, atanyamula ndowa, kapoto ndi zitenje ziwiri. A Lurdes anali pabedi la pafupi ndi zenera, atachepa ngati mwana. Atamuona sanasekerere, anayamba ndi kukalipa.

"Wathawa ntchito iwe? Ukufuna akuchotse chifukwa cha ine? Bwerera, pano anthu ngambiri, wina andipatsa madzi."

"Sindinathawe. A Hedi andilola."

"Bwana wako uja? Wamuuza chiyani kuti alole?"

A Lurdes sankadziwa kuwerenga. Marcia anakhala m'mphepete mwa bedi, anatsegula uthenga uja, nauwerenga mofulumira ndi mawu a m'kalasi, maso osachoka pafoni. Atamaliza anakweza maso. Pabedi loyandikana nalo wina ankakanda supuni m'kapu.

"Werenganso," anatero a Lurdes.

"Wonse?"

"Iyayi. Za masiku ndamva. Pakatipo."

Marcia anaika foni m'thumba, poti pamenepo sipankafunikanso kuwerenga.

"Mayi anga," anatero.

A Lurdes anatembenukira kukhoma, nakoka chitenje mpaka kumaso. Patapita kanthawi dzanja lawo linatuluka pansi pa bulangete, likufufuza, mpaka linapeza mkono wake.