Jenerale Atsikira Pansi

Jenerale anagwa pa masewero ake oyamba, ndipo anamugwetsa ndi mlamu wake, nesi, mng'ono wa mkazi wake. Gemu inali ya nkhonya, ya pa kompyuta. Holo ya mpikisano inali pamwamba pa sitolo ya matayala, moti aliyense ankanunkha labala.

Masiku ena onse Jenerale ankakonza maprinta. Koma kalekale, mipikisano ikadali ya kugwa kamodzi n'kumapita kwanu, anatengapo chikho, ndipo sanalole kuti anthu aiwale. Lamulo lakalelo ankalidziwa bwino. Choncho anaimirira n'kupempha maikolofoni.

"Anzanga," anatero, "mwamuna amadziwa nthawi yosiya. Ine lero ndapuma."

Analankhula za mbiri yake mpaka ena anapita kukagula madzi n'kubwerako. Pomaliza anakweza padi yake, kachipangizo kosewerera kokulunga ndi tepi yakuda, n'kuipereka kwa mlamu wake ndi manja awiri. Anthu anawomba m'manja pang'ono.

Ali pa masitepe, wokonza mpikisano, bambo wadazi, anamuitana.

"Akulu, mukupita kuti? Akukudikirani pa sikirini ya pakona."

"Ndagonja ine."

"Mwagonja kamodzi. Pano munthu amatuluka akagonja kawiri. Mwangotsikira mu ndandanda wa pansi, wa ogonja anzanu."

"Wa ndani?"

"Wa ogonja. Mukagwanso kumeneko, basi, kwanu. Koma mukawakwapula onse, pamodzi ndi ena otsika kuchokera pamwamba, mukumana pa fainolo ndi yemwe sanagonjepo. Ameneyo mumugonjetse kawiri, chifukwa naye ali ndi miyoyo iwiri. Iye akakumenyani kamodzi, zatha."

Jenerale anayang'ana khoma. Mawu oti ogonja sanamusangalatse, koma chikho chinali chikadali patebulo, chopanda mwini.

"Ndikapanda kukhala pampando?"

"Tikulembani kuti mwagonja kachiwiri osasewera. Ndipo aliyense amasewera ndi padi yake, zobwereketsa tilibe."

Mlamu uja anali atakhala pawindo, padi ili pamiyendo, akuchotsa tepi ija ndi chikhadabo.

"Alamu," anatero Jenerale motsitsa mawu, "kanthu kaja."

"Kati?"

"Mundibwereke pang'ono."

"Si mwapuma inu? Achemwali ndawaimbira kale, asangalala. Akuti denga lija likonzedwa tsopano."

"Nthawi ikutha, alamu."

"Mwandipatsa anthu akumva. Mupemphenso anthu akumva."

Wadazi uja anali ataima pa sikirini ya pakona, akuyang'ana wotchi. Jenerale anakonza kolala, anapita kutsogolo, n'kugogoda maikolofoni ndi chala.

"Anzanga, anthu ambiri andidandaulira kuti ndisapume. Ndamva kulira kwawo."

"Anthu ake ati?" wina anakuwa kumbuyo.

"Ndamva kulira kwawo," anabwereza Jenerale. "Alamu, chonde, padi."

Mlamu anaibweretsa ndi manja awiri, atagwada pang'ono. Jenerale anailandira osamuyang'ana, n'kukakhala pakona, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, pomwe wogonja mnzake anali akuyasamula.