Uthenga wa Maliro a ku Chelstone

Virginia anali kuchapa mayunifomu a ana ku Kabwata pamene mlongo wake Petros anaimba foni.

"Amalume a Banda atisiya. Udziwitse abale pa gulu lathu la pa foni, koma mwachidule. Anthu sawelenga zazitali."

Analemba ndi manja onyowa, nkuyamba kudula. Anachotsa za matenda, za chipatala, mpaka dzina lomwe. Kunatsala mawu akuti: "Malilo ku Chelstone, bwelani."

Posakhalitsa amayi aang'ono a ku Katete anaimba. Mwana wawo Fabian amakhala ku Chelstone komweko, ndipo foni yake inali yozima.

"Ndi mwana wanga?"

"Iyayi, amayi. Ndi achimwene anu."



Virginia anabwezeramo dzina, tsiku ndi nyumba ya maliro, nkutumizanso. Kenako anabwerera pa beseni. Thovu linali litatha, malaya atatu akadali m'madzi.