Ndalama ya Nkhuku pa Nambala ya Amayi

Mzime anakutumula thumba lomaliza la chakudya cha nkhuku, kenako analitembenuza n'kuligwedezanso ngati kuti m'misoko mwake mutuluka china. Munangotuluka fumbi. Nkhuku mazana awiri zinamuunjirira m'miyendo, zikujompha zala zake, zikulira kulira kwa njala kosautsa kuja. Zinali ndi masabata atatu, ndipo nkhuku zoyerazi zikafika msinkhu umenewu zimadya ngati zatumidwa.

Mzime silinali dzina lake lenileni. Anali womaliza kubadwa, ndiye pakhomo ankangomuitana choncho, ngakhale tsopano anali mayi wamkulu ndithu. Woyamba anali achimwene ake, bambo wa ana atatu, katswiri wa mapulani osatheka, amene ankakhala m'chipinda chakumbuyo osalipira kanthu. Wachiwiri anali achemwali ake akunja. Iwowa ndiye anali munda wa banja lonse. Zaka zonsezi ankasamalira nkhalamba za eni ake m'dziko lozizira, kuzisambitsa, kuzinyamula, ndipo mwezi ukatha ndalama ya pakhomo inkalowa pa foni ya amayi.

Panali nkhani imodzi imene amayi sankaidziwa. Achemwali anali atamuuza Mzime yekha, akulira pa foni, kuti msana wawo watha, chilolezo chawo cha ntchito chikutha kumapeto kwa chaka, ndipo sachionjezeranso. Akubwerera. “Usawauze amayi, BP yawo ija ingawagwetse. Ndakusungira mpamba. Yamba nkhuku, kuti ndikamafika tikhale ndi pogwira. Ikatha imeneyi palibenso ina, wamva?”

Anamva. Anagula simu yachiwiri, yolembetsa m'dzina lake, ya nkhuku zokhazokha. Anagwirizana kuti ya pakhomo izipita ku nambala ya amayi monga kale, ya mpamba ku nambala yatsopanoyo, ndipo ibwera kawiri. Yoyamba inabwera bwinobwino. Anamangira khola kuseri kwa nyumba, anagula anapiye, utuchi, makala owafunditsira, katemera wa chitopa ndi chakudya cha masabata oyamba. Pa ndalama imeneyo sanachotsepo ngakhale ya sopo. Achimwene atamupempha ya minibasi iye n'kukana, anayamba kumutchula kuti Bwana Banki, ndipo ana awo ankamuperekera sawatcha akamadutsa. Iye ankangoseka. Yachiwiri, ya chakudya chokulitsa ndi chomalizira, inayenera kulowa Lolemba. Lero linali Lachinayi.

Anapukuta manja, natumiza uthenga kunja. Yankho linabwera la mawu, achemwali akuyankhula motopa, kumbuyo kukumveka mabelu a odwala.

“Iii, ndinatumiza kalekale, amayi sanakupatse? Ndinaphatikiza zonse ku nambala yawo. Kutumiza kawiri amandidula kawiri, ndiye ndinati ndipulumutseko. Ndinawauza kuti achotse yawo, yotsalayo akupatse.”

Mzime anaumvetsera kawiri uthengawo. Kupulumutsa! Ndalama imene anapulumutsayo siingagule ngakhale theka la thumba. Apo m'pamene anakumbukira za mipando.

Mipandoyo inafika Lachiwiri pa kalole, itatu, yofiirira, yonenepa, itakutidwa ndi pulasitiki. Amayi anati aitenga pangongole yolipira pang'onopang'ono. Iye, chitsiru, anathandiza nawo kuilowetsa, mpaka kuchotsa chitseko kuti waukuluwo udutse.

Analowa pabalaza osavula ndi nsapato za m'khola zomwe. Amayi anali pa mpando waukuluwo akusoka batani. Achimwene anali pa wina, miyendo atayala, akusintha matchanelo.

“Amayi, ndalama ya nkhuku ili kuti?”

“Utuchiwo ukundipondera nawo pakapeti. Sungayambe ndi moni?”

“Ndinakupatsani kale moni m'mawa. Ndalama ya nkhuku ili kuti?”

Amayi anadula ulusi ndi mano, osafulumira. “Ndalama inalowa pa foni yanga, kuchokera kwa mwana wanga. Sinabwere italembedwa pachipumi kuti ya nkhuku.”

“Anakuuzani kuti mundipatse!”

“Ananena, inde. Ndipo ndikupatsa mwezi wamawa, ikalowa inayo. Ndangobwereka. Mwana wa achimwene akoyu anamubweza kusukulu chifukwa cha fizi, iwe ukudziwa. Ngongole ya madzi inatsala pang'ono kutidulitsa. Yotsalayo ndi imeneyi wakhala ukuiona. Zaka zingati alendo akukhala pa mipando yotuluka masipuling'i m'nyumba ya munthu amene mwana wake ali kunja? Anthu amatiseka, iwe.”

“Mwezi wamawa? Ndikaziuze nkhuku kuti zidikire mwezi wamawa?”

Achimwene anaseka. “Bwana Banki, mtima m'malo. Nkhuku ndi nkhuku. Zipatse madeya, zitsegulire zikatole zokha panjapa. Ifenso tinawetapo.”

“Munawetapo chiyani inu? Izi si nkhuku zapakhomo zofukula m'zinyalala. Izi mukazipatsa madeya okha zimaima kukula, pofika masabata asanu ndi limodzi zimakhala mafupa ndi nthenga. Wa lesitilanti amene ndinapangana naye amaika pa sikelo, sagula chisoni. Zikapitirira nthawi, tsiku lililonse zikudya phindu langa. Mukudziwa zimenezo, kapena mukungodziwa rimoti?”

“Ukuyankhula ndi mkulu wako,” anatero amayi.

“Mkulu wanga alipire yekha fizi ya mwana wake!”

Achimwene anadzuka, nkhope itachita mdima. “Mwamva, amayi? Nkhuku zaposa mwana. Mwana wamagazi, akhale pakhomo chifukwa cha nkhuku. Ndalama za kunja zakulowa m'mutu iwe. Ndi zako? Unazigwirira ntchito? Ndi za tonse m'nyumba muno.”

Mawu amenewa ndi amene ankamunyansa kuposa onse. Za tonse. Pakhomo pano chilichonse chinali cha tonse pochidya, koma khola ankakolopa yekha, madzi ankatunga yekha, ndipo anapiye ali aang'ono ndi iye amene ankadzuka kukasonkhezera makala. Fizi ya mwanayo inamupweteka mtima, asaname, mwanayo ankamukonda. Akanamufunsa, mwina akanapeza njira, akanagwirizana ndi a sukulu kuti adikire nkhuku zigulitsidwe. Koma sanamufunse. Anangoona ndalama yambiri pa foni n'kuganiza kuti ikungogona.

“Bwezani mipandoyi,” anatero. “Pulasitiki simunachotse. Tiyeni tikabweze lero.”

“Wapenga? Anthu onse aona ikulowa, aionenso ikutuluka? Manyazi amenewo ndiwaika kuti?” Amayi anamenya pa mkono wa mpando. “Ndipo kusitoloko salandira katundu wobwerera, zinalembedwa pakhoma. Iwe vuto lako n'chiyani kwenikweni? Nkhuku zikafa, mkulu wako wakunja uja atumiza ina. Wakhala akutumiza zaka zonsezi. Kunja ndalama sizitha.”

Mzime anayesa kudzigwira. Analumadi mlomo mpaka kumva mchere. Koma mkwiyo unamuposa mphamvu, ndipo lonjezo lake kwa achemwali linangosweka lokha.

“Zatha, amayi! Zatha! Achemwali akubwerera kumapeto kwa chaka. Msana wawo unatha ndi kunyamula nkhalamba kuti inu muzidya, chilolezo chawo chikutha, ntchito palibenso. Imene mwakhalirayo ndi ndalama yawo yomaliza. Nkhuku zija si zanga zosewerera. Ndi zimene tizidya chaka chamawa, inu, ine, achimwene ndi ana awo, ndi achemwali amene akubwera osatha kuwerama. Ndiye khalani bwino pa mpandopo, muumve kufewa!”

Pa TV munthu ankatsatsa mafuta odzola. Achimwene anazimitsa. Amayi anaika singano pansi.

“Bwanji sanandiuze ine mayi wake?”

“Ankaopa BP yanu. Ine sindikuiopanso, ndatopa.”

Mzime anatuluka. Kuseri kwa nyumba anajambula uthenga wa mawu wopita kunja, ndipo nawonso achemwali sanawasiye. Anawauza kuti kakobiri kamene anapulumutsa kadya chakudya chonse cha nkhuku, kuti simu yachiwiri sanaigulire kukongoletsa foni, ndiponso kuti chinsinsi chawo waulula ndipo sapepesa. Atatumiza analira, mokwiya, akutukwana utuchi.

Kulira sikudyetsa nkhuku, ndiye masana omwewo anayamba kuyenda. Wogulitsa chakudya cha ziweto anakana ngongole, anati oweta nkhuku anamuphunzitsa kale. Katapira anamuganizira n'kumusiya, chifukwa chiwongoladzanja chake chikanameza phindu lonse ndi mpamba womwe. Inatsala njira imodzi. Anapita kwa mayi wina woweta nkhuku zambiri kumapeto kwa msewu wawo, namuuza kuti akugulitsa nkhuku zana za masabata atatu, zobaya katemera kale. Mayiyo anaona kuti munthuyu wapanikizika, ndipo anamudula mtengo mopanda chisoni, akumwetulira, akumutchula kuti mwanawe. Mzime anavomera. Anagulitsa theka kuti theka linalo lidye.

Anazinyamula okha anyamata a mayiyo, m'mabasiketi, zikulira. Achimwene sanatuluke m'chipinda mwawo. Ndalamayo Mzime anauza mayiyo kuti ilowe ku nambala ya nkhuku, ndipo kuchokera pamenepo inapita molunjika kwa wogulitsa chakudya, osadutsa m'nyumba. Dzuwa likupendeka anabwerera akutsogolera wilibala ya matumba.

Podutsa pakhomo la pabalaza anasuzumira. Mipando itatu ija inali chikhalire, ikunyezimira m'mapulasitiki ake, popanda wokhalapo. Amayi anawapeza kukhola. Anali ataima pakhomo, nsalu atakokera m'mwamba, atagwira ndowa ya madzi, iwo amene chiyambire sanapondemo ati kununkha. Nkhuku zotsalazo zinali zitaunjikana mbali imodzi, mbali inayo kuli utuchi wokhawokha.

Mzime anatsitsa thumba limodzi pa wilibala. Anang'amba thumba, nayamba kuthira m'magome odyera. Nkhuku zinathamangira, phokoso la njala lija n'kusanduka kujompha kokhakokha.

“Ndamuimbira mkulu wako kunja kuja,” anatero amayi, mawu ali pansi. “Akuti ngakhale kuvala nsapato amachita kukhala pansi.”

Mzime anapitiriza kuthira.

“Ndiye zatsalazi, iwe Mzime, zikagulitsidwa zingatisunge tonse?”

“Ayi.”

“Nanga titani?”

“Zikagulitsidwa ndigula anapiye ena ndi chakudya chawo chonse, mpaka thumba lomaliza, tsiku lomwelo. Ikatsalapo ndidzakupatsani ndi dzanja langa. Isanafike nthawi imeneyo, m'khola muno simutuluka nkhuku kapena khobidi, kaya kubwere alendo, kaya abweze mwana kusukulu.”

Amayi anayang'ana mbali yopanda nkhuku ija nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti madziwo athire pati. Mzime anawalozera ndi chibwano, ndipo anawauza kuti asatayire pa utuchi.